Opushoni ya mtundu wa ku Ulaya: ngongole yodziwika tsiku lake

Pa misika ya ndalama ya ku America pamagulitsidwa mapangano otchedwa opushoni. Wogula amalipira kandalama kuti akhale ndi ufulu wogula masheya 100 pamtengo womwe agwirizana, nthawi ya panganolo isanathe. Wogulitsa amalandira kandalamako, koma wogula akafuna masheya ake, iye sangakane. Nkhani yagona pa tsiku lomwe angawaitanitse.

Opushoni ya mtundu wa ku America imalola wogula kuitanitsa tsiku lililonse. Tiyerekeze kuti mwagulitsa opushoni yotere pa masheya a SPY, mtengo wogwirizana ndi madola 500, ndipo kwatsala milungu iwiri. Lero sheya yafika pa 510, opushoni ikugulidwa madola 10.30 pa sheya. Madola 10 ndi kusiyana kwa mitengo iwiriyo, masenti 30 ndiwo mtengo wa nthawi yotsala. Tsono lero ndi tsiku lomaliza loti wogula sheya alandire nawo dividendi ya madola 1.70. Wogula wochenjera adikiriranji? Ataya masenti 30, apeze 1.70. Aitanitsa lero lomwe.

Bungwe la OCC limasankha mwa maere buloka woti apereke, naye buloka nkusankha mmodzi mwa makasitomala ake. Inu mumva kutacha. Ngati masheyawo munalibe, mupeza muli ndi ngongole ya masheya 100, ofunika madola 51,000 kuti muwagule, kuphatikizapo madola 170 a dividendi oti mulipire. Chizindikiro chinalipo: mtengo wa nthawi ukachepera dividendi, yembekezerani kuitanidwa.

Opushoni ya mtundu wa ku Ulaya ilibe khomo limeneli. Wogula angathe kuigulitsa kwa wina nthawi iliyonse, koma kuitanitsa ndi pa tsiku lomaliza lokha. Yotchuka ndi SPX, yomwe imatsatira indekisi ya S&P 500 ndipo imagulitsidwa pa msika wa Cboe ku Chicago, ku America komweko. Pa SPX sapatsana masheya, amangolipirana ndalama. Mukagwirizana pa 5,000, indekisi nkuthera pa 5,020, mulipira 20 kuchulukitsa ndi 100, madola 2,000, kuchokera pa zomwe munalandira pogulitsa zija ndi zanu zoonjezera ngati sizikwana.

Musaganize kuti kuluza kwatha. Msika ukakwera kwambiri, buloka adzafuna muonjezere chikole ngakhale tsiku lisanafike. Komanso pa SPX ya mwezi ndi mwezi, mtengo wolipirana umachokera ku mitengo yotsegulira msika Lachisanu m'mawa.  Musanagulitse opushoni iliyonse, onani kaye mtundu wake ndi nthawi yomwe mtengo womaliza umawerengedwa.