Mwala woponyedwa pa Manchewe ukagwera pati?

Madzi a mathithi a Manchewe, pafupi ndi Livingstonia m'boma la Rumphi, amagwa mamita pafupifupi 125. Munthu ataima m'mphepete mwa phompho lakuya chotero n'kuponya mwala molunjika kutsogolo, osaukweza kapena kuulozetsa pansi, mwalawo ukagwera patali bwanji ndi tsinde la phompholo? Nanga ukafika ndi liwiro lotani? Palibe chifukwa chokaponyeradi mwala, pakuti kumunsi kungakhale anthu. Pepala ndi pensulo n'zokwanira.

Wodziwa fizikisi amayamba ndi kujambula. Amalemba mzere woimirira, ndilo phompho, pambali pake n'kuikapo 125. Pamwamba amajambula kamuvi koloza kutsogolo kosonyeza liwiro loponyera, tinene mamita 12 pa sekondi. Kenako muvi wina woloza pansi, woimira mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi, imene imawonjezera liwiro la chinthu chakugwa ndi mamita pafupifupi 10 pa sekondi iliyonse. Nambala yeniyeni ndi 9.8, koma 10 imapeputsa masamu.

Mivi iwiriyo ndiyo mwini nkhani. Mwalawo uli pa maulendo awiri nthawi imodzi, wopita kutsogolo ndi wopita pansi, ndipo maulendowa sasokonezana. Galileo wa ku Italy anafotokoza zimenezi m'buku lake la mu 1638. Mwala wongotayidwa m'manja ndi mwala woponyedwa molunjika kutsogolo, ikachokera pamalo amodzi nthawi imodzi, imafika pansi limodzi. Ambiri savomereza msanga, koma woyika ndalama ziwiri zachitsulo m'mphepete mwa tebulo, ina n'kuigwetsa ina n'kuikankha mwamphamvu nthawi yomweyo, amamva kulira kumodzi pasimenti.

Choncho nthawi yokhala m'malere imachokera ku kuya kwa phompho basi, osati ku mphamvu ya dzanja. Lamulo lake ndi h = ½gt², pomwe h ndi kuya, g ndi 10 uja, t ndi nthawi. Kuikamo manambala kukupereka 125 = 5t², kutanthauza kuti t² ndi 25, ndipo t ndi masekondi 5.

Mtunda wa kutsogolo suvutanso. Mwala ukachoka m'manja palibe chimene chikuukankhanso, motero sekondi iliyonse ukuyenda mamita 12 omwewo. Pa masekondi 5 wayenda mamita 60.

Apa wojambula ayenera kudekha, aike timadontho. Ikatha sekondi yoyamba, mwala uli mamita 12 kutsogolo ndipo watsika mamita 5 okha. Ikatha yachiwiri uli pa 24, watsika 20. Yachitatu, 36 ndi 45. Yachinayi, 48 ndi 80. Yachisanu, 60 ndi 125. Akalumikiza timadonthoto, pamatuluka njira yoyamba ngati yogona, kenako yopindika mpaka kutsala pang'ono kuimirira. Njira yotere imatchedwa parabola. Ndi kapindikidwe komwe kamaoneka pa madzi otuluka m'paipi yothirira dimba.

Pa liwiro lofikira pansi m'pamene ophunzira ambiri amaterereka. Liwiro lotsika limayamba pa ziro, n'kumakula ndi 10 sekondi iliyonse, mpaka kufika mamita 50 pa sekondi. Lakutsogolo likadali 12. Wopupuluma amaphatikiza n'kulemba 62, ndipo walakwa, chifukwa mivi iwiriyi siloza kumodzi. Akaijambula pamalo pogwera, wina wogona wina woimirira, imapanga ngodya ngati ya nyumba, ndipo liwiro lenileni ndi mzere wopingasa wotseka mbali yachitatu. Lamulo la Pythagoras limati v² = 12² + 50², ndiye 144 kuphatikiza 2500, zomwe ndi 2644. Nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 2644 ndi pafupifupi 51.4. Mwalawo ukumenya nthaka pa liwiro la mamita 51.4 pa sekondi, kapena makilomita 185 pa ola, utapendekera pansi madigiri pafupifupi 76.

Chojambulacho chimagwiranso wolakwitsa. Mzere wopingasa uyenera kuposa 50 koma sungafike 62. Yankho likatuluka kunja kwa malire amenewa, pali penapake pamene pasokonekera, ndipo kawirikawiri n'kuti 12 uja walowetsedwa m'masamu a ulendo wopita pansi.

Masamu onsewa aiwala dala mpweya. Kwa mwala wolemera, wosalala, yankho limayandikira zoona, ngakhale weniweni ungagwere chapafupi ndi kufika mochedwerapo. Chitsononkho cha chimanga sichingafike n'komwe pa mamita 60. Madzi a Manchewe enieniwo amatsata parabola poyambirira pokha. Akamatsika amamwazika kukhala timadontho, mpweya n'kutibweza liwiro, ndipo ena amauluzika ndi mphepo ngati nkhungu asanafike pansi.