“Tikonzereniko kalatayi”: kulembanso, kusalaza kapena kufupikitsa?

Kuyambira mu 2022, pamene ndalama za thumba la chitukuko la CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, makalabu a amayi, magulu a achinyamata ndi makopaletivu a ku Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi akhala akulemba makalata opempha thandizo. Pepalalo lisanapite ku komiti ya chitukuko ya wodi, nthawi zambiri limayamba lafika kwa mphunzitsi, katekisiti kapena mwana wa giredi 12, ndipo mawu a wolibweretsa amakhala omwewo: “Tikonzereniko.” M'mawu amodziwa mwabisala ntchito zitatu zosiyana, ndipo wokonza akasankha yolakwika amawononga pepala la eni ake akuganiza kuti akuthandiza.

Funsani musanagwire cholembera

Mlembi wa kalabu akafika ndi pepala, mafunso ofunika ndi atatu. “Amayi, pepalali likupita kwa yani? Akaliwerenga, mukufuna achite chiyani? Ndi chiyani chimene sichiyenera kusintha?” Kenako werengani pepala lonse kamodzi, cholembera chili pansi. Mukamaliza, litembenuzeni ndipo yesani kunena pakamwa, m'chiganizo chimodzi, zimene likufuna.

Ngati mwatha kunena mosavuta, ndipo munazipeza kumayambiriro, pepalalo ndi lolimba ndipo likufuna kusalaza chabe. Ngati mwachita kufunafuna mpaka tsamba lachitatu, vuto lili pa kayalidwe ka mfundo, ndipo lifunika kulembedwanso. Ngati pepala ndi labwino koma amene akaliwerenge ali ndi mphindi imodzi yokha, ntchito yanu ndi kufupikitsa. Mmisiri wa nyumba amachita chimodzimodzi: amayamba waona ngati mng'alu uli pa pulasitala kapena wachokera pa maziko.

Kulembanso: pamene pempho lakwiririka

Tiyerekeze kalabu ya amayi 15 ya m'mudzi wina ku Sinda yomwe ikufuna kuweta mbuzi. Mlembi walemba masamba atatu. Tsamba loyamba ndi moni kwa akuluakulu ndi mbiri ya mmene kalabu inayambira. Lachiwiri likufotokoza za chilala, mtengo wa feteleza ndi ana amasiye amene amayiwo akulera. Pansi pa tsamba lachitatu ndi pamene pali mawu akuti “choncho tikupempha mutithandize ndi kangachepe.” Ndalama zatchulidwa kawiri: pena K18,000, pena K20,000.

Pepala lotere mukhoza kulikonza chilembo chilichonse, koma likhalabe losagwira ntchito, chifukwa wa mu komiti amene ali ndi mulu wa mapempho sapeza msanga chimene akupemphedwa. Apa mpofunika pepala latsopano.

Choyamba, tolani mfundo zonse za m'pepala lakale ndi kuzilemba pambali: kalabu ndi ya anthu angati, ili kuti, ikufuna chiyani, ndalama zingati, idzazigwiritsa bwanji. Chachiwiri, chongani pamene pali mpata kapena kutsutsana, ndipo bwererani kwa mwini wake. Pa K18,000 ndi K20,000 simusankha nokha. Mumafunsa, ndipo mwina mlembi ndi msungichuma akawerengeranso apeza kuti mbuzi 12 pa K1,200 iliyonse ndi K14,400, khola K2,400, mankhwala K1,200, zonse pamodzi K18,000. K20,000 ija inali ya pamsonkhano wakale. Chachitatu, yalani mfundo motsatira mafunso a wowerenga, osati motsatira mmene zinachitikira. Kalata yatsopano, ikatha moni waufupi, ikhoza kuyamba motere:

“Ife amayi 15 a kalabu yathu tikupempha K18,000 yogulira mbuzi 12, kumanga khola ndi kugula mankhwala a ziweto. Mbuzi zikaswa, ana oyamba tidzapatsa amayi amene sanalandire.”

Pansi pake pabwere mndandanda wa mitengo, ndiyeno ndime imodzi ya chifukwa chake. Nkhani ya ana amasiye sikutayidwa, koma ikukhala pamene ikuchirikiza pempho.

Ngozi ya kulembanso ndi kuonjeza. Wokonza amafuna kalata imveke yamphamvu, ndiye amalemba kuti kalabu “idzalemba ntchito achinyamata 10” kapena “ili kale ndi malo a msipu,” pamene amayiwo sananene. Tsiku limene a komiti adzafike kudzaona, wofunsidwa ndi mlembi, osati inu. Lonjezo lililonse la m'kalata liyenera kukhala lotuluka pakamwa pa eni ake. N'chifukwa chake mukamaliza, awerengereni mokweza. Akanena kuti “apo sitinatero ayi,” fufutani. Ndipo ngati fomu ikufuna Chingelezi, yambani mwagwirizana nawo pa Chichewa, kumasulira kubwere pambuyo.

Kusalaza: pamene mawu ndi umboni

Kalabu yomweyo ili ndi buku la maminitsi, ndipo mlembi akupempha kuti mukonze tsamba la tsiku limene anasankha atsogoleri ndi kugwirizana za mbuzi. Ziganizo ndi zazitali, mawu akuti “ndipo” ali paliponse, ndipo dzanja lanu likunyanyuka kufuna kulemba bwino. Dziletseni. Maminitsi ndi umboni wa zimene zinanenedwa, choncho ntchito yanu ndi yaing'ono: kukonza kalembedwe ka mawu, kuika mpumiro, kudula chiganizo chachitali pawiri, kuchotsa liwu lobwerezedwa mwangozi.

Taonani chiganizo ichi: “amayi ena anati mbuzi zikhale kwa apampando ndipo ena anakana ndipo tinagwirizana zikhale kwa msungichuma kwa miyezi itatu.” Kusalaza koyenera n'kotere: “Amayi ena anati mbuzi zikhale kwa apampando, koma ena anakana. Tinagwirizana kuti zikhale kwa msungichuma kwa miyezi itatu.” Wokonza wothamanga akhoza kulemba kuti “Onse anagwirizana kuti mbuzi zikhale kwa msungichuma.” Chiganizocho chikumveka bwino, koma chameza zinthu ziwiri: kuti panali kukana, ndiponso malire a miyezi itatu. Mkangano ukadzabuka mwezi wachinayi, bukulo silidzathandiza aliyense.

N'chimodzimodzi ndi kalata ya anyakwawa yochitira umboni malire a munda, pangano la ngongole, ndi mawu amene munthu wakonza kuti akanene ku khoti. Ngakhale malankhulidwe a pamaliro kapena kalata yopita kwa amalume amafuna dzanja lopepuka, pakuti omvera akufuna kumva mwini wake. Mdzukulu amene wakonza mawu a agogo mpaka kumveka ngati chilengezo cha ku boma wawalanda pakamwa.

Pali msampha wina wa dera lino. Ku Zambia, malinga ndi kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977, ana amaphunzira kulemba “cimanga” ndi “cinthu,” pamene ku Malawi amalemba “chimanga” ndi “chinthu.” Ku Vubwi, komwe anthu amaoloka malire kukagula, kukapemphera ndi kukaona abale, mupeza kalembedwe konse kuwiri. Palibe kolakwika. Chofunika n'chakuti pepala limodzi litsate njira imodzi, ndipo njirayo isankhidwe poona kumene likupita. Momwemonso liwu la kuno ngati “nshawa” musalisinthe kukhala “mtedza” chifukwa choti inu munazolowera limenelo.

Mudziwa kuti mwapyola malire a kusalaza ngati mwayamba kusuntha ndime, kapena ngati inki yanu yachuluka kuposa ya mwini wake. Pamenepo imani ndi kumuuza kuti, “Amayi, apa ndikuona kuti pafunika kulembanso. Mukulola?”

Kufupikitsa: pamene wowerenga wasintha

Tsopano khansala wanena kuti, “Nditumizireni pa foni mwachidule zimene mukufuna.” Kapena kalabu ikufuna kuitana anthu kumsonkhano kudzera pa wailesi ya Mphangwe ku Katete kapena Breeze FM ku Chipata, komwe uthenga wautali sungamveke bwino. Kalata yatsopano ija ilibe vuto, koma wowerenga ndi malo zasintha. Chidule ndi pepala lachiwiri, ndipo loyamba limasungidwa lathunthu.

Kufupikitsa si kudula mchira wa pepala. Amene amangotenga ndime yoyamba ya kalata yakale ija atumiza moni wokhawokha, pempho litatsala. Njira yake ndi kufunsa kuti wolandira ayenera kudziwa chiyani kuti achitepo kanthu: ndani, akufuna chiyani, zingati, kuti, liti. Kwa khansala zikukwanira ziganizo ziwiri: kalabu ya amayi 15 yapempha K18,000 ya mbuzi 12, khola ndi mankhwala, ndipo pempho lapita ku komiti ya wodi tsiku lakuti. Pa wailesi, tsiku, nthawi ndi malo zinenedwe kawiri, chifukwa womvera sangabwerere m'mbuyo monga amachitira wowerenga.

Chimene chimatayika kawirikawiri pofupikitsa ndi timawu ting'onoting'ono tonyamula malire: “ngati,” “pokhapokha,” “mwina,” “kufikira.” Kalata yochokera ku khonsolo ikanena kuti gulu lidzalandira ndalama likatsegula akaunti ku banki, chidule chonena kuti “tapatsidwa ndalama” ndi bodza, ndipo chidzachititsa kuti msungichuma aganiziridwe kuti wadya. Mukamaliza chidule, ikani chala pa nambala iliyonse ndi pa “ngati” aliyense wa m'pepala lalikulu, ndipo onani ngati amene mwasiya sakusintha tanthauzo.

Pamene mwini akufuna china, pepala likufuna china

Nthawi zina munthu amati “ingoonani zilembo” pamene pepala lake likufunika kulembedwanso. Nthawi zina amati “lembaninso lonse” chifukwa chodzikayikira, pamene pepala lake ndi lomveka kale. Musachite mwakachetechete zimene mukuganiza. Muonetseni pamene pali vuto: “Taonani, pempho lanu lili pa tsamba lachitatu, ndipo ndalama mwalemba mitundu iwiri.” Akaona yekha, amavomera msanga. Akakana, chitani zimene wapempha, pakuti pepala ndi lake, ndipo siginecha yapansi ndi yake.

Pobweza pepala, bwezani ndi lakale lomwe, ndipo nenani ntchito imene mwachita: “Ndasalaza chabe,” kapena “Ndalembanso, ndiye tiwerengere limodzi,” kapena “Ichi ndi chidule, chachikulu musataye.” Mlembi uja akadzaima pamaso pa komiti n'kufunsidwa chifukwa chake khola likudya K2,400, ayenera kuyankha osayang'ana kumbuyo kufuna amene anamulembera.