Ndi nyanja yathu kapena ndi yamchere? Yankho lili pagombe

Chithunzi chikuonetsa mchenga woyera, mlambe waukulu chakumanzere, chombo cha thanga la ngodya zitatu chili pamadzi obiriwira, ndipo kutsidya sikukuoneka. Wina akuti ndi ku Likoma, wina akuti ndi ku Pemba, ku Mozambique, m'mbali mwa nyanja yamchere ya Indian. Onse awiri ali ndi zifukwa zomveka, pakuti zinthu zonsezi zimapezeka kumalo onse awiri. Komabe chithunzi chotere chimatha kuulula chokha madzi ake, bola munthu adziwe poyang'ana.

Ambiri amayambira pa kukula kwa madzi, ndipo apa mpamene amasokerera. Munthu ataima pamchenga, maso ake amafika makilomita pafupifupi 5 okha pamwamba pa madzi. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo pena ndi yotambalala makilomita pafupifupi 75. Choncho ku Chintheche kapena ku Senga Bay ungajambule madzi okumana ndi thambo monga momwe ungajambulire ku Beira. Mapiri a kutsidya akamaoneka, ndiye kuti chithunzicho chikupendekera ku nyanja ya kumtunda, koma kusaoneka kwake sikutsimikiza kalikonse, chifukwa m'nyengo ya utsi wa lupsa mapiriwo amabisika.

Mafunde nawonso ndi mboni yosadalirika kwenikweni. Mwera ukakwiya, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, nyanja yathu imautsa mafunde oti asodzi sayerekeza kulowa. Kusiyana kwake kuli pa kayendedwe. Mafunde a panyanja yathu amabadwa ndi mphepo ya pomwepo, motero amabwera mothithikana, afupiafupi, osalongosoka, ndipo m'chithunzi chomwecho mumaona mitengo itawerama ndi mphepo. A kunyanja yamchere amatha kuchokera kutali kwambiri, kumene kudachita namondwe masiku apitawo. Amafika m'mizere italiitali yotalikirana bwino, n'kumadzipinda ndi kusweka ngakhale tsiku lopanda mphepo. Mukaona funde lalikulu likusweka koma masamba a mitengo ali duu, ganizani za mchere. Chimodzimodzinso mukaona mzere woyera wa thovu kutali, pamene madzi a pafupi ndi gombe ali bata, chifukwa nthawi zambiri pamenepo pamakhala matanthwe a korali, omwe samera m'madzi opanda mchere. Vuto ndi lakuti gombe lobisika, monga la mkati mwa doko la Pemba, limakhala lodekha ngati dziwe, ndipo mafunde sanena kanthu.

Ine ndimakhulupirira gombe kuposa china chilichonse, ndipo chifukwa chake ndi mwezi. Mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa imachititsa nyanja yamchere kudzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, pakapita maola pafupifupi 12 ndi mphindi 25 kuchoka pa kudzaza kumodzi kufika pa kwina. M'mbali mwa Mozambique kusinthaku n'kwakukulu zedi. Ku Beira, mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, madzi amatha kukwera ndi kutsika mamita 6. Nyanja ya Malawi ndi yaing'ono moti mwezi suiyendetsa mooneka ndi maso. Madzi ake amasintha ndi mvula: amakwera kufika cha mu Epulo kapena Meyi, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka cha mu Novembala kapena Disembala, kusiyana kwake kukhala pafupifupi mita imodzi m'chaka wamba.

Kudzaza ndi kuphwa kumeneku kumasiya zizindikiro pagombe tsiku lililonse. Madzi akaphwa, pamatsala bwalo lalikulu la mchenga wonyowa wonyezimira, wokhala ndi timizere ndi timathamanda, nthawi zina lotalika mpaka munthu kuoneka ngati kadontho. Kumtunda kwa bwalolo kumakhala mzere wakuda wa zomera za m'madzi ndi zigoba, posonyeza pomwe madzi adafika. Panyanja yathu mchenga wonyowa ndi kachigawo kopapatiza, kamene funde lomaliza lanyambita basi, ndipo pamwamba pake pali mchenga wouma. Zinyalala zimene mafunde amalavula kuno zimakhala zidutswa za bango, timitengo ndi tizigoba ta nkhono.

Zomera zimagwirizana ndi zimenezi. Bango ndi gumbwa zikaima m'madzi, kapena udzu ndi mitengo wamba zikafika pafupi penipeni ndi madzi, amenewo ndi madzi akumwa. Mchere salola zotere. Umasiya malo opanda kanthu pakati pa madzi ndi tchire, kupatula mitengo imene Aswahili amati mikoko, yomwe imamera m'matope amchere, mizu yake ina itaima pamtunda ngati miyendo, ina itatuluka m'matope ngati zikhomo. Miyala nayo imathandiza. Ya ku Cape Maclear ndi yosalala, yokhala ndi mzere wotuwa wosonyeza pomwe madzi adafika m'nyengo yapita. Ya kunyanja yamchere imakhala yokakala chakumunsi, itamatiridwa ndi tizigoba takuthwa.

Tsopano tibwerere ku chombo cha m'chithunzi chija. Thanga la ngodya zitatu lisatinyenge, chifukwa zombo za mtundu umenewu zidafika panyanja yathu ndi amalonda a Chiswahili m'zaka za m'ma 1800, m'nthawi ya a Jumbe a ku Nkhotakota, ndipo mpaka lero zimayenda pakati pa Likoma ndi gombe la Mozambique. Chofunika kuona ndi pomwe chombocho chaima. Ngati chagona cham'mbali pamchenga wonyowa, kutali ndi madzi, chingwe cha nangula chili lende pansi, palibe amene adachikoka. Madzi ndiwo adachithawa, ndipo abweranso pakapita maola ochepa. Kumeneko ndi kumchere. Ngati chikuyandama pafupi ndi gombe, ndipo mabwato angokokedwa pang'ono, mphuno pamchenga, matako ali m'madzi, eni ake sakuopa kuti madzi akwera usiku n'kuwatenga. Kaikidwe kotere n'ka asodzi a kunyanja ya kumtunda.

Mabwatowo ayang'anitsitseninso. Bwato losema la kwathu lili ndi pakamwa popapatiza, milomo yake yopindikira mkati, ndipo wopalasa amakhala pamwamba pake. Ku Zanzibar ndi kumpoto kwa gombe la Mozambique mabwato ambiri amakhala ndi mitengo iwiri yoyandama, wina uku wina uku, yowateteza kuti asagubuduke. Asodzi a panyanja ya Malawi sagwiritsa ntchito mitengo yotereyi. Nyali pabwato ndi nsomba zing'onozing'ono pathandala zingakukumbutseni usipa, koma zokha sizikwanira, poti kumchere nakonso amawedza ndi nyali.

Ngati m'chithunzimo muli anthu, zochita zawo zimatha kumaliza nkhani. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita imodzi. Sopo sachita thovu bwino m'madzi otere, ndipo ng'ombe sizingamwe. Amayi akuchapa zovala, mtsikana akutunga madzi m'ndowa, kapena ng'ombe zitazika milomo m'madzi, ndi umboni wamphamvu wa madzi opanda mchere. Chimodzimodzinso nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'madzi n'kumaoneka kutali ngati utsi woimirira pakati pa nyanja.

Pali malo amene zizindikiro zimasakanikirana. Pamene Zambezi amathira m'nyanja, kapena ku Quelimane, madzi a mtsinje amakumana ndi amchere, ndipo mungaone mikoko, bwato losema ndi nkhwazi m'chithunzi chimodzi, pomwe madziwo akudzaza ndi kuphwa. Ndiponso chithunzi chojambulidwa kunyanja yamchere madzi atadzaza chimabisa bwalo lonyowa lija. Zikatero, funani mzere wa zomera zouma pamchenga, ndi kutalika kwa mizati ya pokocheza zombo: kumene madzi amakwera mamita angapo pa tsiku, mizatiyo imakhala yaitali, yakuda ndi yokakala chakumunsi.