Lamulo la kosaini: kupeza mbali kapena ngodya yosowa pa thirayango iliyonse

Thirayango ili ndi mbali zitatu ndi ngodya zitatu. Ngodya imodzi ikakhala ya madigiri 90, monga ya pakona ya nyumba yomangidwa bwino, kutalika kwa mbali zake kumatsata lamulo lodziwika ndi dzina la Pythagoras. Mbali ziwiri zimene zakumana pa ngodyayo zikatchedwa a ndi b, ndipo mbali yaitali yoyang'anana ndi ngodyayo ikatchedwa c, lamuloli limalembedwa motere:

c² = a² + b²

Ka 2 kali pamwambako kakutanthauza kuti nambalayo ichulukitsidwe ndi iyo yomwe, ndipo chotulukacho chimatchedwa sikweya. Amisiri omanga nyumba amalidziwa lamuloli ndi manja awo, chifukwa akayeza mamita 3 mbali imodzi, mamita 4 mbali inayo, n'kupeza mamita 5 mopingasa, amadziwa kuti kona yakhala bwino. Koma malire a minda, njira za kumudzi ndi magombe a madamu sizikumana pa madigiri 90 kawirikawiri. Ngodya ikangochepa kapena kupitirira pamenepo, lamulo la Pythagoras limapereka yankho lolakwika. Lamulo la kosaini ndilo limakonza cholakwikacho, ndipo limatero powonjezera kachigawo kamodzi kokha:

c² = a² + b² − 2ab cos C

Apa C wamkulu ndi ngodya imene ili pakati pa mbali a ndi mbali b, ndipo c wamng'ono ndi mbali yoyang'anana nayo. Kosaini, imene pa kakyuleta imalembedwa cos, ndi nambala imene ngodya iliyonse ili nayo. Imayambira pa 1 pamene ngodya ili madigiri 0, imatsika kufika pa 0.5 pa madigiri 60, imafika pa 0 pa madigiri 90, kenaka imalowa pansi pa ziro: ndi −0.5 pa madigiri 120, ndipo ndi −1 pa madigiri 180.

Ntchito ya lamuloli imaoneka bwino pa mtunda umene tepi singadutsepo. Pali damu, ndipo pakufunika kudziwa kutalika kwa paipi yochokera pa mtengo wa tsidya lino kukafika pa mtengo wa tsidya linalo. Woyeza amakhoma chikhomo pamtunda pouma, pamalo pamene mitengo yonse iwiri ikuonekera. Kuchokera pa chikhomocho kukafika pa mtengo woyamba wapeza mamita 80, kukafika pa wachiwiri mamita 50, ndipo ngodya ya pakati pa mizere iwiriyo ndi madigiri 60. Sikweya ya 80 ndi 6,400, ya 50 ndi 2,500, ndipo pamodzi ndi 8,900. Kachigawo kochotsera kamapezeka pochulukitsa 2 ndi 80 ndi 50, zimene zikupereka 8,000, kenaka n'kuchulukitsa 8,000 ameneyu ndi kosaini ya madigiri 60, imene ndi 0.5. Zatuluka 4,000. Pochotsa 4,000 pa 8,900 patsala 4,900. Imeneyi ndi sikweya ya mtunda wofunidwawo, ndipo nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 4,900 ndi 70. Paipiyo ndi ya mamita 70, ndipo palibe amene wanyowa mapazi.

Chifukwa chimene lamuloli limagwirira ntchito chili mu lamulo la Pythagoras lomwelo, ndipo chitsanzo cha damuli chikuchionetsa. Kuchokera pa mtengo wachiwiri, pajambulidwe mzere wokagwera pa mbali ya mamita 80 ija mopanga ngodya ya madigiri 90. Mzerewu wagawa thirayango yonse pawiri, ndipo zigawo zonse ziwiri zili ndi ngodya ya madigiri 90. Malo amene mzerewu wagwera ali pa mtunda wa 50 kuchulukitsa ndi 0.5 kuchokera pa chikhomo, ndiye kuti mamita 25. Tanthauzo la kosaini ndi lomwelo: imanena gawo la mbali yopendekeka limene lagona motsata mbali inzake. Pa thirayango yaing'ono ya kufupi ndi chikhomo, sikweya ya mzere wojambulidwawo ndi 2,500 kuchotsapo 625, zimene ndi 1,875. Pa mamita 80 aja patsala 55, ndipo sikweya ya 55 ndi 3,025. Thirayango yachiwiri ili ndi mbali ziwiri zimenezi pa ngodya yake ya madigiri 90, choncho 3,025 ndi 1,875 ziphatikizidwa, ndipo zipereka 4,900 yemwe uja. Njira imeneyi ikatsatidwa ndi zilembo m'malo mwa manambala, imathera pa lamulo la kosaini. Ndiye kuti lamuloli ndi Pythagoras wogwiritsidwa ntchito kawiri, n'kulembedwa pa mzere umodzi.

Mbali ziwiri zija zikasiyidwa pa mamita 80 ndi 50, ngodya yokha n'kumasinthidwa, ubale wa malamulo awiriwa umaonekera poyera. Zili ngati sizasi: mipeni yake siitalika, koma mpata wa pakati pa nsonga zake umakula pamene ikutsegulidwa. Pa madigiri 60 mpatawo ndi mamita 70. Pa madigiri 90 kosaini ndi ziro, choncho kachigawo kochotsera konse kamasanduka ziro, ndipo chotsala ndi 8,900 yekha, amene akupereka mamita pafupifupi 94.3. Apa lamulo la kosaini labwerera kukhala la Pythagoras ndendende. Pa madigiri 120 kosaini ndi −0.5, ndipo kuchotsa nambala ya pansi pa ziro n'chimodzimodzi kuwonjezera, kotero 4,000 uja amaphatikizidwa pa 8,900 n'kukhala 12,900, ndipo mtunda ukhala mamita pafupifupi 113.6. Malire ake alipo mbali zonse ziwiri. Ngodya ikatsekeka kufika pa ziro, mtunda ndi 80 kuchotsapo 50, mamita 30. Ikatseguka kufika pa madigiri 180, mtunda ndi 80 kuphatikiza 50, mamita 130. Yankho lililonse loona liyenera kukhala pakati pa 30 ndi 130.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa kosaini yeniyeniyo. Euclid, amene ankakhala ku Alexandria cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, anaiika m'gawo lachiwiri la buku lake lotchedwa Elements, pa mfundo ya 12 ndi ya 13. Anaigawa pawiri, ina ya ngodya yoposa madigiri 90 ndi ina ya ngodya yochepera, ndipo anaifotokoza ndi kukula kwa malo a masikweya ojambulidwa pa mbalizo, popeza kosaini kunalibe ndipo manambala a pansi pa ziro sankagwiritsidwa ntchito kwawoko. Chizindikiro cha kosaini ndicho chimene masiku ano chimalumikiza mfundo ziwirizo kukhala imodzi. Jamshid al-Kashi, katswiri wa ku Perisiya amene anagwira ntchito ku Samarkand ndipo anamwalira mu 1429, anaifotokoza m'njira yoyenera kuwerengera mitunda, ndipo ku Faransa lamuloli limadziwika ndi dzina lake mpaka lero.

Lamuloli limathanso kutembenuzidwa kuti lipeze ngodya pamene mbali zonse zitatu zadziwika. Likasanjidwa mwatsopano limaoneka chonchi:

cos C = (a² + b² − c²) ÷ (2ab)

Mmisiri wamanga zingwe za maziko a nyumba ya mamita 6 mulifupi ndi mamita 8 mulitali. Kona ikanakhala ya madigiri 90, mzere wopingasa ukanakhala mamita 10, chifukwa 36 ndi 64 pamodzi ndi 100. Koma tepi yaonetsa mamita 10.4. Pythagoras angonena kuti konayo yakhota, osanena kuti yakhota motani. Sikweya ya 10.4 ndi 108.16, ndipo ikachotsedwa pa 100 patsala −8.16. Nambala imeneyi igawidwa ndi 96, amene ndi 2 kuchulukitsa ndi 6 ndi 8, ndipo kosaini ituluka −0.085. Chizindikiro cha pansi pa ziro chanena kale kuti konayo yatseguka kupitirira madigiri 90. Batani la cos⁻¹ pa kakyuleta, limene kawirikawiri limapezeka podina SHIFT kenaka cos, lisandutsa nambalayo kukhala ngodya, ndipo yankho ndi madigiri pafupifupi 94.9. Masentimita 40 a pa tepi abisa kukhota kwa madigiri pafupifupi 5, kumene kudzaonekere pokhoma denga. Chofunika kusamala apa n'chakuti mbali imene sikweya yake ikuchotsedwa ndi yoyang'anana ndi ngodya imene ikufunidwayo. Ikasinthanitsidwa ndi inzake, yankho likhala la kona ina.

Zolakwa zambiri pa lamuloli zimachitikira pa kakyuleta, ndipo malire a 30 ndi 130 aja amathandiza kuzigwira. Cholakwa chofala ndi kuchotsa 8,000 pa 8,900 kosaini isanachulukitsidwe. Wotero amapeza 900, n'kuchulukitsa ndi 0.5, ndipo amathera pa mamita pafupifupi 21.2. Mtundawu ndi wochepera pa 30, choncho sungatheke. Kachigawo ka 2ab cos C ndi chinthu chimodzi, ndipo kayenera kuwerengedwa konse kasanachotsedwe. Cholakwa china ndi kuiwala sitepe yomaliza n'kulemba 4,900 ngati yankho, koma chimenecho chimadziulula chokha.

Choopsa kwenikweni ndi kakyuleta imene yaikidwa pa muyeso wina wa ngodya, wa marediyani, umene pa galasi lake umaoneka ngati RAD kapena R m'malo mwa DEG kapena D. Ikakhala choncho, cos 60 imatuluka pafupifupi −0.952, ndipo paipi ya pa damu ija imasanduka mamita 128.5. Yankholi lili mkati mwa malire aja, ndiye limaoneka ngati loona. Limagwidwa ndi mfundo ina: ngodya ya madigiri 60 ndi yochepera pa 90, kotero mtunda uyenera kuchepera pa 94.3 wa Pythagoras. Kudina cos 60 ntchito isanayambe, n'kuona ngati yatuluka 0.5, kumathetsa vutoli. Ndipo pofuna ngodya, kosaini ikatuluka yoposa 1 kapena yochepera pa −1, kakyuleta imakana. Imakhala isanaonongeke. Mwina masamu alakwika penapake, kapena mbali zitatuzo sizingapange thirayango, monga mamita 3, 4 ndi 9, pamene ziwiri zazifupizo pamodzi sizikufika pa yaitaliyo.

Yankho silingaposenso kulondola kwa miyeso imene yalowetsedwa. Pa damu paja, ngodya ikawerengedwa madigiri 61 m'malo mwa 60, mtunda ukhala mamita pafupifupi 70.9, kusiyana kwa pafupifupi mita yathunthu pa digiri imodzi yokha. N'chifukwa chake oyeza malo amagwiritsa ntchito makina oyezera ngodya oimikidwa pa miyendo itatu, osati pulotirakita ya kusukulu.

Lamuloli limagwira bwino pa mikhalidwe iwiri: pamene mbali ziwiri ndi ngodya ya pakati pake zadziwika, ndi pamene mbali zonse zitatu zadziwika. Ngodya yodziwikayo ikakhala yosakhala pakati pa mbali ziwirizo, masamu amatha kupereka mayankho awiri, onse otheka, ndipo pamafunika kuona malo enieniwo kuti pasankhidwe limodzi. Zodziwika zikakhala ngodya ziwiri ndi mbali imodzi, lamulo la saini ndilo loyenera. Komanso lamulo la kosaini lolembedwa pamwambali ndi la pamalo athyathyathya. Pa phiri, tepi yogona motsata chitunda imapereka mtunda wautali kuposa wa pa mapu, ndipo miyesoyo imayenera kukonzedwa kaye kuti igwirizane ndi ngodya yoyezedwa mopingasa. Pa maulendo a ndege ndi sitima za panyanja a makilomita zikwizikwi, kuzungulira kwa dziko lapansi kumalowererapo, ndipo pamagwiritsidwa ntchito mtundu wina wa lamuloli wowerengera thirayango yojambulidwa pa chinthu chobulungira.