Zipi ikalimba, dilowa ikakana: sopo, kandulo kapena girisi?

Zikomo Agogo,

Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 6 ndipo yunifomu ali nayo imodzi yokha. Zipi yake yayamba kulimba moti m'mawa uliwonse timachita kulimbana nayo. Bambo a kunyumba akuti tipake girisi wa njinga, apongozi akuti sopo, pomwe mnzanga akuti kandulo. Ndalama ya yunifomu ina palibe. Ndimvere ndani?

Mayi wodandaula, Chinsapo, Lilongwe

Mwana wanga,

Apongozi ndi mnzakoyo akunena zoona. Bambowo auze mwaulemu kuti girisi asungire tcheni cha njinga. Girisi amathimbiriritsa nsalu, ndipo banga lake limavuta kuchoka ngakhale uchape kangati. Chinanso, girisi ndi womata: fumbi ndi timaulusi zimakakamira pamenepo, ndiye pakatha masiku angapo zipi imalimba kuposa kale. Mafuta ophikira ndi odzola amachitanso chimodzimodzi. Pa nsalu pamafunika chinthu choterera koma chouma.

Usanapake chilichonse, yamba wayang'ana chomwe chikuigwira. Pita nayo poyera, uone ngati kamutu kokokera kaja kaluma ulusi kapena m'mphepete mwa nsalu. Ngati kaluma, koka nsaluyo pang'onopang'ono uku ukubweza kamutuko kumbuyo. Kenaka tenga mswachi wakale wouma, utsuke mano a zipi mbali zonse ziwiri. Nthawi zambiri chimatsekereza ndi fumbi ndi sopo wotsalira pochapa.

Ukatero, tsegula zipi mpaka pomwe ikulola. Tenga kandulo yoyera, yosayatsa, ukhule nayo mopepuka pa mano, kutsogolo ndi kumbuyo, kawiri kapena katatu basi. Usadonthezere phula lotentha, chifukwa likauma limatseka mipata ya mano, ndipo lingawononge zipi ya pulasitiki. Kandulo yamtundu nayonso imasiya utoto pa nsalu. Kokera kamutu m'mwamba ndi m'munsi kangapo, pang'onopang'ono, kenaka sasa zinyenyeswa za phulalo ndi mswachi uja.

Ngati kandulo palibe, sopo wamtanda wouma amagwira ntchito yomweyo. Vuto lake n'loti amachoka ukangochapa, ndiye uyenera kubwereza. Pa zipi ya chitsulo, monga ya jinzi kapena chikwama, nsonga ya pensulo imathandizanso, koma imadetsa, choncho usaiyandikize ku nsalu yoyera.

Pali matenda ena omwe kandulo singachize. Ukaona kuti ukukoka bwinobwino koma zipi ikutseguka kumbuyo kwa kamutu, dziwa kuti kamutuko kayasama chifukwa chakutha. Telala akhoza kukafinya pang'ono ndi pulayala kapena kuikapo kena. Ngati mano ena aguluka kapena apindika, angosintha zipi yonse. Zimenezi n'zotsika mtengo kusiyana ndi kusoketsa yunifomu yatsopano. Ndipo muzichapa zipi ili yotseka kuti mano asamapindike.

Agogo,

Tinakwatirana chaka chatha ndipo kabati yathu ya matabwa tinaigula m'mwezi wa Seputembala. Madilowa ankatseguka bwino, koma chiyambireni mvula, yapakati ikukana. Tsiku lina ndinakoka mwamphamvu mpaka chogwirira chinazuka. Mkazi wanga akuti kalipentala anatibera, ndipo akufuna kuthira mafuta ophikira m'mbali mwake. Kodi zithandiza?

Bambo wachinyamata, Luchenza

Bambo,

Musafulumire kukalalatira kalipentala. Thabwa limamwa chinyontho cha mumpweya. Mwezi wa Seputembala kumakhala kouma, ndiye dilowa yomwe inkalowa bwino nthawi imeneyo imafufuma pang'ono dzinja likafika. Chilimwe chikabwera mudzaona ikumasukanso yokha. Ngati matabwawo anali asanaume bwino popanga kabati, amathanso kupindika, koma zimenezo mudzazindikira mukaona kuti ikukanabe ngakhale mu Okutobala.

Mafuta ophikira ayi. Thabwa limawamwa, pakapita nthawi amanunkha chiwuku ndi kumata, amaitana nyerere ndi mphemvu, ndiponso amadontheza pa zovala za m'dilowa yapansi. Girisi nayenso amangolowa m'thabwa n'kusiya banga lakuda.

Chitani izi. Tulutsani dilowa yonse, mukhuthule katundu. Ponyaninso maso kumbuyo kwake, chifukwa nthawi zina ndi sokosi chabe kapena pepala lomwe lagwera kumeneko. Pukutani fumbi ndi kansalu kouma, muone ngati pali msomali wotuluka kapena thabwa lapansi lomwe lalendewera chifukwa cholemedwa. Msomali mukhomerere, thabwa lolendewera mulibwezere m'malo mwake.

Kenaka fufuzani pomwe ikukhulana. Malo otero amaoneka onyezimira. Ngati simukuwaona, pakani choko m'mbali ndi kunsi kwa dilowa, muilowetse n'kuitulutsa kawiri. Pomwe choko chafufutika ndi pomwe pali vuto. Palani pamenepo pokha ndi sandipepa wosalala, pang'ono, kenaka muyese. Musapale kwambiri, chifukwa thabwa lomwe mwachotsa m'dzinja silibwerera, ndipo m'chilimwe dilowayo idzayamba kugwedera.

Pomaliza khulani kandulo mwamphamvu ndithu kunsi kwa mbali ziwiri za dilowa ndi pa timatabwa tomwe imayendapo m'kati mwa kabati. Ilowetseni n'kuitulutsa kakhumi kuti phula lifalikire. Apa kandulo imaposa sopo, chifukwa sopo amakoka chinyontho ndipo m'dzinja amatha kunyowa n'kumata. Muzibwereza mvula ikamayamba ndiponso ikamatha. Kabatiyo muisendeze pang'ono kuti isagunde khoma lonyowa.

Girisi ali ndi malo amodzi okha: madilowa oyenda pa tinjanji tachitsulo. Amenewo muwapukute kaye, kenaka muikepo girisi wochepa ngati njere ya mpunga mbali iliyonse, kapena dontho la mafuta a makina osokera.

Musazengereze nayo nkhaniyi ngati m'nyumba mukubwera ana. Mwana akamakoka dilowa yokana amalendewera ndi thupi lonse, ndipo kabati ikhoza kumugwera. Zolemera muziika m'dilowa yapansi, ndipo kabati yaitali muimangirire kukhoma.

Agogo,

Mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 5, anadzitsina kumaliseche ndi zipi ya kabudula. Tinasokonezeka tonse. Zikadzachitikanso titani?

Mayi wa ana awiri, Mzuzu

Mayi,

Zoterezi ndinkaziona ndili pa ntchito ya unamwino, ndipo ana ovulala kwambiri ankakhala omwe makolo anayesa kukoka zipi mwamphamvu. Apa pokha m'pomwe mafuta amaposa kandulo, popeza chofunika kupulumutsa ndi khungu, osati nsalu. Mukhazikeni mtima pansi mwanayo ndipo mumugoneke. Thirani mafuta odzola ana amadzimadzi aja, kapena ophikira aukhondo, ambiri ndithu, mudikire mphindi khumi. Nthawi zina khungu limapulumuka lokha. Girisi wa njinga kapena palafini musayerekeze, zimaotcha ndi kudetsa bala.

Ngati silikuchoka, musakoke. Dulani nsalu mozungulira zipi ndi sizasi kuti kabudula asamalemere pa khungu, kenaka thamangirani kuchipatala zipiyo ili pomwepo. Pitaninso kuchipatala ngati patuluka magazi, patupa, kapena mwana akulephera kukodza.

Anyamata aang'ono muziwaveka kabudula wam'kati, kapena muwagulire makabudula a lasitiki mpaka akule. Zipi yolimba ndi yomwe imachititsa mwana kukoka mwamphamvu osayang'ana, choncho muziikhula ndi kandulo ikangoyamba kuvuta.

Agogo