Zolipiriratu ndi zotsala kulipira m'mabuku a bizinesi

Zolipiriratu ndi ndalama zimene bizinesi yapereka kale pa chinthu chimene idzagwiritse ntchito m'tsogolo, monga lenti ya miyezi imene sinafike. Zotsala kulipira ndi mtengo wa zinthu zimene bizinesi yagwiritsa kale ntchito koma ndalama yake sinaperekedwe, monga malipiro a antchito a mwezi umene watha. Zonse ziwiri zimachokera pa lamulo limodzi la kawerengedwe ka chuma: mtengo wa chinthu umalembedwa m'chaka chimene chinthucho chagwira ntchito, osati m'chaka chimene ndalama yatuluka m'thumba. Potseka mabuku, wolemba amaika zolemba zokonza kuti mtengo uliwonse ukhale m'chaka chake.

Chitsanzo cha chigayo

Tiyerekeze kuti munthu watsegula chigayo pa Mponela, m'boma la Dowa, ndipo chaka chake cha mabuku chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, monga chimachitira chaka cha boma la Malawi kuyambira mu 2022. M'chaka choyamba wapeza K9,000,000 ndipo walipira zinthu zokwana K7,400,000. Pongoona ndalama zolowa ndi zotuluka, phindu ndi K1,600,000. Koma pali zinthu ziwiri zoti zikonzedwe.

Pa 1 Januwale analipira K600,000 ya lenti ya miyezi isanu ndi umodzi, kutanthauza K100,000 pamwezi. Pofika pa 31 Malichi wakhalamo miyezi itatu yokha. K300,000 ya Epulo, Meyi ndi Juni si mtengo wa chaka chino. Ili ngati katundu wa bizinesi, chifukwa mwini nyumba akadali ndi udindo womupatsa malo kwa miyezi itatu. Wolemba amachita debiti akaunti ya lenti yolipiriratu ndi K300,000, n'kuchita kirediti akaunti ya lenti ndi ndalama yomweyo.

Chachiwiri, anyamata awiri ogaya alandira malipiro a Malichi, okwana K260,000, pa 5 Epulo. Ntchito anaigwira m'Malichi, ndipo ndalama za ogayitsa a mweziwo zawerengedwa kale. Choncho wolemba amachita debiti akaunti ya malipiro ndi K260,000, n'kuchita kirediti akaunti ya malipiro otsala kulipira. Iyi ndi ngongole ya bizinesi ngakhale palibe amene wabwera kudzalonjerera.

Tikachotsa K300,000 pa K7,400,000 n'kuwonjezera K260,000, mtengo weniweni wa chaka ndi K7,360,000, ndipo phindu ndi K1,640,000. Kusiyana kwa K40,000 kukuoneka kochepa, koma zangochitika chifukwa zokonza ziwirizi zikukokerana mbali zosiyana. Chikhala kuti lenti imalipidwa mwezi ndi mwezi, mwini chigayo akanaganiza kuti ali ndi phindu loposa lenileni ndi K260,000, mwina n'kuitenga kukagulira feteleza ili ya antchito. Pachifukwachi ziwirizi siziphatikizidwa: ina imaonetsedwa ku katundu, ina ku ngongole. Onaninso kuti zolemba zokonzazi sizikhudza akaunti ya ndalama za m'manja kapena za kubanki.

Chaka chotsatira

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonezeka. Pa 5 Epulo, K260,000 ikaperekedwa, imathetsa ngongole ija. Siilembedwanso ngati malipiro a chaka chatsopano, apo ayi mwezi wa Malichi uwerengedwa kawiri. Nayo K300,000 ya lenti imachoka ku katundu n'kubwerera ku akaunti ya lenti pamene miyezi itatu ija ikudutsa.

Njira yosavuta yogwirira cholakwa ndi kuwerenga miyezi. Akaunti ya lenti kapena ya malipiro iyenera kukhala ndi miyezi 12. Ikakhala ndi 11, pali chotsala kulipira chimene chaiwalika. Ikakhala ndi 13 kapena 15, pali cholipiriratu chimene sichinachotsedwe, kapena mwezi wina walembedwa kawiri.

Bilu ikachedwa

Nthawi zina mtengo weniweni sudziwika pa tsiku lotseka mabuku. Sitolo ya pa boma la Ntchisi imene imalandira bilu ya madzi mwezi utatha ikhoza kuwerenga mita, kapena kutengera mabilu a miyezi yapitayo, n'kulemba mtengo woyerekeza. Bilu ikafika n'kusiyana pang'ono, kusiyanako kumalowa m'chaka chatsopano ndipo mabuku akale satsegulidwanso.

Magetsi a ESCOM a mita yolipiriratu ali mbali inayo: mayunitsi otsala m'mita pa 31 Malichi ndi cholipiriratu. Kwa chigayo chimene chagula mayunitsi ambiri kumapeto kwa mwezi, n'koyenera kuwawerengera. Kwa okala yokhala ndi babu limodzi ndi fuliji, olemba mabuku ambiri amangowasiya, popeza ndalamayo ndi yochepa moti singasinthe maganizo a banki kapena a bungwe lotolera misonkho la MRA poona phindu la bizinesiyo.