Kuwerenga sitoko ya golosale kuchokera pa zithunzi za pa foni

Eni magolosale ambiri masiku ano sakhala pa kauntala. Wina ali pa ntchito ku Lilongwe pomwe shopu ili ku Dedza, wina ali ku Joni ndipo anasiyira mlamu wake makiyi. Mwezi ukatha, wogulitsa amawerenga katundu yense, kulemba pa mapepala, kuwajambula ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp. Mwini shopu amatsala ndi zithunzi m'manja, ndipo afunika kutulutsamo nambala imodzi: ndalama zimene zagona m'katundu wotsalayo, powerengera mtengo umene anaodera.

Mtengo wooderawu ndiwo ofunika, chifukwa phindu silinabwere katundu akadali pa shelefu. Munthu akawerenga sitoko pa mtengo wogulitsira amadzipatsa phindu la zinthu zimene palibe amene wagula, ndipo mapeto ake amatapa ndalama za mpamba akuganiza kuti akudya phindu.

Musanagwire kakyuleta, yambani mwaona ngati zithunzizo n'zokwanira. Pepala lililonse likhale ndi tsiku, malo amene anawerenga (pa shelefu kapena ku chipinda chosungira katundu), ndi nambala yake, monga tsamba 2 mwa masamba 5. Popanda nambalayi simungadziwe kuti tsamba lina lasowa, kapena kuti tsamba limodzi lajambulidwa kawiri ndipo mwaliphatikiza kawiri. Chithunzi chojambulidwa chopendekeka ndi choopsa kwambiri, pakuti mizere imatsetsereka ndipo diso limatenga nambala ya sopo n'kuiika pa machesi. WhatsApp nayo imachepetsa kuoneka bwino kwa chithunzi potumiza, moti zolemba za pensulo zimafufutika. Muuzeni wogulitsa alembe ndi bolopeni, ayale pepala pa tebulo pamalo owala, foni ikhale pamwamba penipeni, ndipo atumize posankha Document kuti chithunzi chifike momwe chilili. Ngati m'mphepete mwa pepala mwadulidwa, ajambulenso. Kungoganizira nambala imene simukuiona ndiko kumawononga ntchito yonse.

Koma ndalama zambiri zimasochera pa zithunzi zooneka bwinobwino, ndipo chimene chimazisocheretsa ndi muyeso. Tiyerekeze golosale yaing'ono, ndipo mitengo yonse pano ndi yachitsanzo chabe. Pa mzere wa shuga wogulitsa walemba "3/7". Iye akudziwa chimene akunena: mabelo atatu osatsegula ndi mapaketi asanu ndi awiri oyoyoka. Inu muli kutali, ndipo kamzere kapakatiko kakafufutika mudzawerenga 37. Tinene kuti belo lili ndi mapaketi 20 ndipo lisiti ya ku holoselo ikuonetsa K60,000 pa belo, ndiye kuti paketi imodzi munaigula K3,000. Mabelo atatu ndi mapaketi 60, kuonjeza 7 aja akwana 67, ndipo mtengo wake ndi K201,000. Mukanawerenga 37 mukanapeza K111,000, n'kuyamba kumukayikira wogulitsa pa K90,000 imene ili khale m'chipinda. Ndimaona kuti maubale ambiri a pakati pa eni shopu ndi antchito awo amasokonekera pa zinthu ngati izi, wina asanabe kanthu. Njira yake ndi kusandutsa mzere uliwonse kukhala muyeso waung'ono umene mumagulitsira, paketi, botolo kapena kilogalamu, kenako kupeza mtengo woodera wa muyeso womwewo. Pepala labwino limakhala ndi madanga awiri osiyana, la makatoni athunthu ndi la zoyoyoka.

Sopo savuta mukatsata njira yomweyo. Makatoni awiri a sopo 36 lililonse ndi sopo 11 woyoyoka akwana 83. Katoni munaoda K27,000, kutanthauza K750 sopo mmodzi, zonse pamodzi K62,250.

Pa mafuta ophikira pali mavuto awiri. Loyamba ndi la kalembedwe: pa chithunzi sizikudziwika ngati mabotolo ndi 11 kapena 17, poti anthu ambiri 1 ndi 7 amazilemba mofanana. Apa malisiti ndi buku la zogulitsa zimakuthandizani. Ngati munaoda mabotolo 12 koyamba ndi ena 12 pambuyo pake, ndipo buku likuonetsa kuti agulidwa 7, oyenera kutsala ndi 17. Imbanibe foni kuti wogulitsa akawerengenso pa shelefu, chifukwa buku limangonena zoyenera kukhalapo, pomwe cholinga cha kuwerenga sitoko ndi kudziwa zimene zilipodi.

Vuto lachiwiri ndi lakuti mabotolo aja sanagulidwe pa mtengo umodzi. Aliyense wochita malonda m'Malawi akukumbukira momwe mitengo ya ku holoselo inasinthira ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kukhala ndi katundu wofanana wa mitengo iwiri pa shelefu imodzi si chachilendo. Tinene kuti oda yoyamba inali K9,000 botolo, yachiwiri K10,500. Akatswiri owerengera ndalama amalola kuti tiganize kuti katundu amene anayamba kulowa ndiye amayamba kutuluka. Choncho mabotolo 7 ogulidwa aja achoka pa oda yoyamba, ndipo otsala ndi 5 a K9,000 ndi 12 a K10,500. Imeneyi ndi K45,000 ndi K126,000, pamodzi K171,000. Ena amaphatikiza mitengo yonse n'kupeza wapakati, ndipo njira imeneyonso ndi yovomerezeka. Chachikulu ndi kusankha imodzi n'kuitsata mwezi ndi mwezi, apo ayi phindu lanu lidzakwera ndi kutsika chifukwa cha kawerengedwe chabe.

Mpunga ukutikumbutsa kuti mtengo woodera suthera pa lisiti. Thumba la makilogalamu 50 munagula K150,000, ndipo kulifikitsa pa shopu kunadya K5,000 ya galimoto ndi onyamula. Ndalama imeneyi ndi gawo la mtengo wa katunduyo, choncho kilogalamu imodzi yakudyerani K3,100. Lendi ya shopu ndi malipiro a wogulitsa sizilowa m'menemu. Pepala likuti matumba awiri athunthu ndi lina lotsegula. Thumba lotsegula liyenera kuikidwa pa sikelo, chifukwa mawu akuti "theka" amatanthauza chilichonse. Likalemera makilogalamu 18, mpunga wonse ndi makilogalamu 118, ndipo mtengo wake ndi K365,800.

Mizere inayi ija ikaphatikizidwa ikupereka K800,050. Nambalayi isanalowe m'buku, funsani ngati zonse zolembedwazo ndi zanu ndiponso ngati zingagulitsike. Mandasi kapena mtedza umene mayi wina amasiya pa kauntala kuti mumugulitsire si katundu wanu, ngakhale wogulitsa waulemba pa pepala. Katundu amene munatenga pa ngongole ku holoselo ndi wanu ndipo awerengedwe, ngongoleyo ilembedwe payokha. Zowonongeka zimatsitsidwa mtengo: ngati mapaketi anayi a shuga ananyowa ndipo angagulidwe K2,000 imodzi, muwalemba pa K2,000 ngakhale munawagula K3,000, ndipo sitoko yatsika kufika pa K796,050. Zimene zinapitirira tsiku lake zilembedwa ziro.

Nthawi yowerengera nayo iyenera kumveka. Ngati wogulitsa anawerenga Loweruka madzulo atatseka, koma Lolemba m'mawa kunabwera makatoni ena asanajambule mapepala, lisiti ya Lolembayo ndi ya mwezi wotsatira. Mukaiphatikiza ku zogula za mwezi uno pomwe katundu wake sali pa pepala, buku lionetsa kuti katundu wasowa.

Ndi nambala yotsimikizikayi mutha kupeza phindu. Tengani sitoko imene munayamba nayo mwezi, onjezani zonse zimene mwaoda, chotsani sitoko yotsalayi, ndipo chotsalacho ndi mtengo wa katundu amene watuluka. Mukachichotsa pa ndalama zimene zalowa mu kabati, mwapeza phindu musanalipire lendi ndi malipiro. Sungani zithunzizo pamodzi ndi malisiti a mwezi womwewo, chifukwa K796,050 ya lero ndiyo sitoko yoyambira ya mwezi wamawa.